Chitenje cha maruni chikuoneka chofiira pa chithunzi: ndikonze chiyani?

NaBanda:
Moni nonse. Ine ndimagulitsa zitenje ndi zikwama za chitenje kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Vuto limene ndabwera nalo ndi la mtundu wa nsalu pa zithunzi. Ndili ndi chitenje cha maruni chokhala ndi maluwa achikasu, koma ndikachijambula ndi foni chimatuluka chofiira kwambiri, ndipo maluwa achikasu aja amaoneka ngati a olenji. Mayi wina wa ku Mzuzu anaitanitsa zitenje zimenezi kuti asoketse yunifolomu ya pa chinkhoswe, koma katundu atafika anadandaula kuti si mtundu umene anaona, ndipo sindinawatsutse chifukwa ankanena zoona. Ndimajambula madzulo ndikaweruka, ndimayala chitenje pabedi pamwamba pa bulangete lakuda, babu la m'chipinda lili loyatsa. Sindikufuna kuti zithunzi zikongole kuposa katundu, ndikufuna kuti wogula aone chimene adzalandire. Ndithandizeni maganizo.

Chikondi:
Mayi, vuto lanu ndi kuwala basi. Gulani nyale yozungulira ija imene anthu amajambulira mavidiyo, muiike kutsogolo kwa katundu, ndipo m'malo mwa bulangete lakudalo yalani nsalu yoyera. Masitolo ambiri akuluakulu a pa intaneti amajambula katundu pa zoyera, ndiye inunso mukatero zithunzi zanu zidzaoneka zaukatswiri.

Bambo Kamanga:
Ine ndikuona kuti foni ndiyo yakalamba. Masiku ano kuli mafoni a kamera ya mamegapikiselo 50 kapena 108, ndipo makasitomala amakopeka ndi chithunzi chowala bwino. Komanso pali mapulogalamu amene amachotsa zonse za kumbuyo n'kuikapo maluwa kapena chipinda chokongola, ndipo mukawonjezera mtundu pang'ono katundu amayenda msanga.

NaBanda:
Zikomo bambo Kamanga, koma mwina sindinafotokoze bwino. Mtundu wachuluka kale pa zithunzi zanga, ndipo ndi umenewo wandiyambanitsa ndi kasitomala. Chimene ndikufunafuna ndi njira yoti maruni akhale maruni.

Bambo Mbewe:
Mayi NaBanda, ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi kuno ku Zomba, ndipo ndikuona kuti musagule chilichonse kaye, chifukwa zimene mwafotokoza zikukwanira kusonyeza pamene pali vuto. Pali zinthu ziwiri zimene zikuchitika nthawi imodzi, ndipo zonse zikukankhira chitenje chanu kumbali imodzi.

Choyamba ndi babu. Maso athu amazolowera kuwala kwa m'nyumba, kotero kuti pepala loyera timaliona loyera ngakhale babu likutulutsa kuwala kwachikasu, pamene kamera imayenera kulingalira yokha kuti choyera ndi chiti. Mukayang'ana pa katoni ya babu kapena pathupi pake, kawirikawiri mupeza nambala yothera ndi chilembo K. Babu lolembedwa 2700K kapena 3000K limatulutsa kuwala kwachikasu, lolembedwa 6500K limatulutsa kuwala kopendekera ku buluu, pamene kuwala kwa dzuwa masana kumakhala cha m'ma 5500K. Ngati babu lanu ndi lachikasu, maruni amataya kabuluu kochepa kamene kamawasiyanitsa ndi mtundu wofiira wamba, ndipo chikasu chimapsa n'kusanduka olenji, monga mwaonera pa maluwa aja. Foni imayesetsa kukonza zimenezi, koma m'chithunzi chanu mulibe chinthu choyera kapena chotuwa choti iyezerepo, muli chitenje chofiirira ndi bulangete lakuda zokha.

Chachiwiri ndi bulangetelo. Kamera ikaona kuti malo ambiri ndi akuda, imaganiza kuti kuli mdima ndipo imawalitsa chithunzi chonse kuti chifike pakatikati. Maruni ndi mtundu wofiira wodera, ndiye ukauwalitsa umangotsala wofiira. N'chimodzimodzi ndi buluu wodera wa masuti, amene amatuluka ngati buluu wowala akajambulidwa pa zakuda. Choncho a Chikondi anena zoona kuti bulangete lichoke, ngakhale kuti pa nkhani ya nsalu yoyera ndi nyale ndili ndi mawu ena.

Chikondi:
Nenani bambo, chifukwa ine ndimajambula nsapato ndi nyale yozungulirayo ndipo sindinalandirepo dandaulo.

Bambo Mbewe:
Nyaleyo si yoipa, achimwene, koma inapangidwira nkhope ya munthu amene ali pafupi nayo. Nsapato ndi chinthu chaching'ono, kuwala kwake kumaikwanira. Chitenje ndi chachitali pafupifupi mamita awiri, ndiye nyale yaing'ono ikayandikira imawalitsa pakati pokha, m'mbali n'kutsala mdima, ndipo wogula amaona ngati nsaluyo inasuluka pakati. Kuwonjezera apo, zitenje zambiri zatsopano zimanyezimira zisanachapidwe, ndipo kuwala kochokera kumene kuli kamera kumagunda nsalu n'kubwerera molunjika m'diso la kamera, zimene zimatuwitsa mtundu. N'chifukwa chake ngakhale fulashi ya foni iyenera kukhala yozimitsa. Palinso nkhani ya ubwino wa kuwala kwa LED: pa makatoni ena pamalembedwa CRI kapena Ra, nambala yosonyeza mmene babu limaonetsera mitundu molondola, ndipo mababu ambiri a m'nyumba amakhala cha pa 80, pamene ojambula amafuna 90 kupita m'mwamba, makamaka chifukwa mababu otsika amavutika kuonetsa bwino mitundu yofiira yodera. Mtundu wa mayiwa ndi umenewo ndithu.

Za nsalu yoyera, vuto limangotembenuka. Kamera ikaona zoyera zambiri imadetsa chithunzi, nsalu yoyera ija imatuluka yotuwa, ndipo maruni amayandikira kukuda. Zimakonzeka, koma muyenera kudziwa kuti zidzachitika.

Mayi NaBanda, yesani izi tsiku limene muli pakhomo masana. Sitani chitenje kuti mizere ya mopindidwa ichoke, chifukwa mzere uliwonse umapanga mthunzi wakewake. Pezani malo a mthunzi woyera, monga pakhonde kapena pafupi ndi zenera lalikulu limene dzuwa sililowa molunjika, ndipo muzimitse mababu onse, pakuti kusakaniza kuwala kwa babu ndi kwa pazenera ndiko kovuta kwambiri: mbali imodzi ya nsalu imakhala yachikasu, ina yabuluu, ndipo n'kovuta kuti pulogalamu ikonze zonse ziwiri nthawi imodzi. Ikani pepala loyera pambali pa chitenje kuti lioneke m'chithunzi. Dinani pa sikirini pamene pali chitenje, ndipo pambali pake padzaoneka kachizindikiro ka dzuwa kamene mungakweze kapena kutsitsa ndi chala. Muzikasuntha uku mukuyerekeza ndi nsalu yeniyeni imene ili patsogolo panu, mpaka kudera kwake kufanane. Mukatero mutiuze zimene mwaona.

NaJere:
Ine sindigulitsa, ndine wogula, ndipo ndimakhala ku Johannesburg. Zitenje za misonkhano ya amayi timaitanitsa kumudzi, ndipo katundu akafika kuno palibe zobweza, chifukwa mtengo womutumizanso umaposa wa chitenje. Pempho langa kwa ogulitsa ndi lakuti muzitionetsa kukula kwa maluwa. Tinagulapo chitenje chimene pa chithunzi chinali ndi timaluwa tooneka tating'ono, koma chitafika duwa limodzi linali lalikulu kuposa chikhatho, ndipo telala anavutika kudula malaya a ana popanda kuduladula maluwawo. Mtundu unali wolondola, koma chithunzicho chinatisocheretsabe.

NaBanda:
Ndayesa lero m'mawa, bambo Mbewe. Babu la m'chipinda lalembedwadi 3000K. Ndinayala chitenje pakhonde pamwamba pa bedishiti loyera, ndinaika pepala pambali, ndipo maruni abwerera ndithu, moti ndinaitana mwana wanga kuti aone kusiyana kwa zithunzi ziwirizo. Poyamba chithunzi chinadera monga munanenera, koma nditakweza kadzuwa kaja pang'ono chinafanana ndi nsalu. Komabe kwatsala zinthu ziwiri. Mbali ya chitenje yoyandikira kukhoma ikuoneka yobiriwira pang'ono, ndipo chitenje chonse chikuoneka chotakata kumunsi, chopapatiza kumtunda, ngati sichinadulidwe mowongoka.

Bambo Mbewe:
Khoma la pakhonde lanu ndi lopaka mtundu wanji, mayi?

NaBanda:
Ndi lobiriwira kuyambira pansi mpaka cha m'chiuno, kumtunda ndiko kuli koyera.

Bambo Mbewe:
Yankho lake ndi limenelo. Kuwala kukagunda khoma kumatenga mtundu wa khomalo n'kuuthira pa chilichonse chimene chili pafupi. Zimachitikanso ndi simenti yopaka polishi wofiira, dothi lakatondo la pabwalo dzuwa likaliwomba, masamba a mtengo wa mango ngati mwabisala pansi pake, ngakhale malaya amene wojambula wavala ngati ali a mtundu wowala ndipo waweramira katundu. Ambiri amaganiza kuti mthunzi uliwonse ndi wabwino, koma wa pansi pa mtengo umabiriwitsa nsalu komanso umagwetsa mawanga a dzuwa. Sunthani chitenje chitalikirane ndi khoma pafupifupi mita imodzi, kapena imikani katoni yaikulu yomatidwa mapepala oyera pakati pa khoma ndi chitenje. Katoniyo igwira ntchito ziwiri: itchinga kubiriwira, ndiponso ibweza kuwala koyera ku mbali imene ili kutali ndi kunja, imene nthawi zonse imakhala yoderako.

Za kupendekeka, chifukwa chake n'chakuti munaima kumapeto kwa chitenje n'kupendeketsa foni. Mbali imene ili pafupi ndi kamera imaoneka yaikulu, yakutali imaoneka yaing'ono, ndipo kamera yaikulu ya foni imaona motambalala, choncho mukayandikira kusiyanako kumakula. Kuti chinthu cha makona anayi chituluke chowongoka, msana wa foni uyenera kuyang'anizana nacho bwinobwino, diso la kamera lili pakati pake. Pa chitenje choyala pansi zimenezi n'zovuta, chifukwa mungafunike kukwera pamwamba kwambiri, ndipo mthunzi wanu ungagwere pa nsalu. Njira yosavuta ndi kuchipachika. Mangani chingwe cholimba mumthunzi, kumbuyo kwake kukhale khoma loyera kapena bedishiti lokoka bwino, mupanikize chitenje ndi mapegi okwanira kuti chisagwe mimba pakati. Kenaka bwererani m'mbuyo mamita atatu kapena kuposerapo, gwirani foni pa msinkhu wa pakati pa chitenje, osati pa msinkhu wa maso anu, ndipo ngati chikuoneka chaching'ono dinani 2x m'malo moyandikira. Yatsaninso Grid m'makonzedwe a kamera kuti mizere yake muiyerekeze ndi m'mphepete mwa nsalu. Ngati m'mphepete mukutsatira mzere kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, foni yaima bwino.

Chenjezo limodzi: chitenje chopachika chisakhale ndi kuwala kumbuyo kwake. Dzuwa likadutsa m'nsalu, imaoneka yopyapyala ndi yowala kuposa mmene ilili, ndipo wogula adzaganiza kuti ndi nsalu yotchipa.

Chikondi:
Pamenepo pa 2x sindikugwirizana nanu, bambo. Mafoni ambiri amene tili nawo alibe kamera yapadera yokokera zinthu pafupi, amangodula chithunzi n'kuchikulitsa, ndiye chimataya kuthwa. Ine ndinaphunzira kuti ndi bwino kuyandikira ndi miyendo kusiyana ndi kukoka ndi zala.

Bambo Mbewe:
Mwanena zoona kuti amangodula, koma tiwerengere limodzi. Chithunzi cha mamegapikiselo 12 chimakhala ndi madontho pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mukadula pakati ndi 2x mumatsala ndi pafupifupi 2000 ndi 1500. Zithunzi zimene anthu amaona pa Instagram zakhala zikuonetsedwa pa madontho 1080 m'lifupi, ndipo WhatsApp nayonso imachepetsa zithunzi potumiza, choncho zimene zatsalazo n'zokwanira, malinga ngati kuwala kuli kokwanira. Mumdima ndi pamene 2x imaonetsa timadontho ta chisokonezo. Kupitirira 2x pa foni yotere ndiye sindingalimbikitse. Ndipo nkhani ya kubwerera m'mbuyo ndi yofunika kwambiri pa zikwama za mayiwa, ngakhalenso pa nsapato zanu: mukajambula nsapato pafupi kwambiri kuchokera kutsogolo, mphuno yake imatupa, chidendene n'kuchepa, ndipo chikwama chimaoneka chachikulu mimba kuposa mmene chilili. Izi zikuyankhanso bambo Kamanga, kuti mamegapikiselo ochuluka sangakonze mtundu kapena maonekedwe a chinthu.

Mayi Gondwe:
Pepani kuti ndalowerera ndi nkhani yanga. Ine ndimagulitsa uchi wa m'mabotolo agalasi, ndipo ndinatsatira malangizo a zenera omwewa, koma pa botolo pamaoneka zenera lonse ndi mabagala ake, nthawi zina ngakhale ine mwini ndi foni yanga. Uchinso umaoneka wakuda bii, pamene ukauyang'ana padzuwa ndi wofiirira bwino. Kodi ndichite chimodzimodzi ndi a NaBanda?

Bambo Mbewe:
Ayi mayi, galasi lili ndi malamulo ake, ndipo pa mfundo imodzi ndi otsutsana ndi a chitenje. Botolo limaonetsa chilichonse chimene chili patsogolo pake, ndiye simungachotse kunyezimira, mungangosankha chimene chionekepo. Phimbani zenera ndi nsalu yoyera yopyapyala kuti mabagala abisike, ndipo pa botolo padzangooneka mzere umodzi woyera wofewa, umene umathandizanso wogula kuzindikira kuti ndi galasi. Zenera likhale chakumbali ndi chakumbuyo pang'ono kwa botolo, kuti kuwala kudutse mu uchi n'kufika ku kamera, pakuti mtundu wa uchi umaoneka ndi kuwala kodutsamo. Kutsogolo ikani pepala loyera lobwezera kuwala pa chizindikiro cha botolo kuti chiwerengeke. Inuyo muvale zakuda ndipo muime patali. Koma musapitirize muyeso: uchi wodera mwachibadwa usauwalitse mpaka kuoneka ngati wopepuka mtundu, chifukwa mudzagwa m'vuto lomwelo la a NaBanda.

NaBanda:
Ndapachika monga munanenera ndipo chitenje chawongoka. Funso langa tsopano ndi la nthawi. Dzulo ndinajambula cha m'ma 9 koloko m'mawa, lero ndajambula cha m'ma 4 koloko madzulo pamalo omwewo, ndipo zithunzi za lero zapendekeranso kuchikasu. Ndikaziika pamodzi zikuoneka ngati zitenje ziwiri zosiyana.

Bambo Mbewe:
Dzuwa likatsika kuwala kwake kumafiirira, ndipo kumalowanso pansi pa denga la khonde. Sankhani nthawi imodzi ndi malo amodzi, muzijambula katundu yense pamenepo, mwachitsanzo pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa. Tsiku la mitambo yopyapyala ndiye labwino koposa, chifukwa kuwala kumafalikira mofanana. Dziwaninso kuti mthunzi wa tsiku lopanda mtambo umapendekera ku buluu, popeza kuwala kwake kumachokera kuthambo, choncho pepala loyera lija lisamasowe m'chithunzi. Pali chinthu chinanso chokhudza dera lathu lino: ku Lilongwe, kuyambira cha pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, ndiye khonde kapena zenera loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi wabwino miyezi imeneyo. Mu Novembala, Disembala ndi Januwale limadutsa chakummwera pang'ono, kotero malo amene akukuthandizani mu Juni mwina adzafuna kusintha nyengo ya Khirisimasi, imenenso ndi nthawi ya malonda ambiri.

Ngati foni yanu ili ndi gawo lolembedwa Pro, lowani mmenemo. Pa WB, pamene pamakonzedwa mtundu wa kuwala, mungachotse Auto n'kusankha nambala yokhazikika, kuyambira cha pa 5500K, n'kumaisuntha mpaka pepala lioneke loyera pa sikirini, ndipo pa EV, pamene mumawalitsira kapena kudetsera chithunzi, mungaike +0.3 mpaka +1 ngati kumbuyo kuli koyera. Ubwino wake ndi wakuti foni siisinthanso maganizo mukachotsa chitenje chofiira n'kupachika chabuluu. Zimitsaninso zonse zimene zimakometsa chithunzi zokha, monga zolembedwa Beauty, Filters kapena Scene optimizer, chifukwa zimawonjezera mtundu popanda kukufunsani. Portrait nayonso muisiye, imafufuta m'mphepete mwa katundu ndipo nthawi zina imadya zingwe za chikwama.

Bambo Kamanga:
Ndamva tsopano chimene chikufunika. Koma ndifunse, kodi kukonza chithunzi m'pulogalamu n'kulakwa? Ine ndimagulitsa zovala za kaunjika zosankha, ndipo popanda kuchotsa za kumbuyo zithunzi zanga zimaonetsa chipinda chonse.

Chikondi:
Si kulakwa, bambo. Mu Snapseed muli chida cholembedwa White Balance chimene chili ndi kachizindikiro kotolera mtundu. Mumakaika pa pepala loyera lija, chithunzi chonse n'kukonzeka nthawi yomweyo, kenaka mumadula pepalalo kuti lisaoneke. Ine ndimachita zimenezi pa chithunzi chilichonse.

Bambo Mbewe:
Njira ya a Chikondi ndi yolondola, ndingowonjezera pang'ono. Pepala la mu pulinta limathiridwa mankhwala oliyeretsa amene amalipendeketsa ku buluu padzuwa, ndiye mukaliuza pulogalamu kuti ndilo loyera lenileni, chithunzi chimatha kufunda pang'ono kuposa muyeso. Pa zitenje zambiri kusiyanako n'kochepa, koma pa nsalu yoyera kapena ya kirimu kumaoneka. Ojambula amagwiritsa ntchito kakhadi kotuwa ka 18 peresenti, kamene kalibe mtundu wobisika. Onetsetsaninso kuti pepalalo silinawale mopitirira mpaka kusowa maonekedwe, chifukwa pamenepo pulogalamu ilibe choyezera.

Kwa ine malire ndi awa, bambo Kamanga: kukonza kumene kukusendeza chithunzi kufupi ndi katundu weniweni n'kovomerezeka, ndipo kuzichitika katunduyo ali pambali panu, masana. Kuchotsa za kumbuyo ndi pulogalamu ndimakukayikira pa zovala, chifukwa kumadula ulusi wa m'mphepete, kumachotsa mthunzi, ndipo kubiriwira kapena kufiira kumene chipinda chinathira pa chovala kumatsalabe pomwepo. Pepala lalikulu la manila loyera kapena lotuwa, lokhotetsedwa kuchokera pakhoma kutsikira patebulo popanda kulipinda, limakwanira pa zikwama ndi nsapato, ndipo pa zovala khoma lopanda zokongoletsa ndi hang'ala yabwino n'zokwanira.

NaJere:
Ndibwerezenso pempho langa lija, pakuti mwalowa kwambiri m'nkhani ya mtundu. Nanga za kukula kwa maluwa?

NaBanda:
Sindinaiwale, amayi. Ndaganiza kuti chitenje chilichonse chizikhala ndi chithunzi choonetsa nsalu yonse yopachika, china chapafupi chokhala ndi tepi ya telala yogoneka pa duwa kuti masentimita awerengeke, ndi china choonetsa kona yopindidwa kuti kuseri kwa nsalu kuoneke, popeza ambiri amafunsa ngati mtundu unalowa mbali zonse ziwiri. Pa zikwama ndidzaonetsa wina atachikoleka paphewa, ndi m'kati mwake motsegula. Kodi zimenezi zingakukwanireni?

NaJere:
Zingandikwanire ndithu, makamaka tepiyo. Ena amaika ndalama yachitsulo pambali, koma ife amene tinachoka kumudzi kalekale sitikumbukira bwino kukula kwake, pamene sentimita ndi yomweyo kulikonse. Muzionetsanso m'mphepete mwa nsalu mmene mumalembedwa dzina la opanga.

Mayi Gondwe:
Ine ndili ndi nkhawa ina. Ndatumiza chithunzi chimodzi ku foni ya mwamuna wanga ndi ya mlongo wanga, ndipo uchi womwewo ukuoneka mosiyana pa mafoni atatu. Ngati zili choncho, khama lonseli likupindula chiyani?

Bambo Mbewe:
Pamenepo pali malire amene sitingawadumphe, mayi. Masikirini amasiyana, ena amakhala pa Vivid pamene ena ali pa Natural, ndipo anthu ambiri amayatsa chotetezera maso usiku, chimene chimathira chikasu pa chilichonse. Inuyo pokonza zithunzi muzizimitsa chotetezera masocho ndi kusankha Natural ngati ilipo, kuti poyambira pakhale polondola. Khamali limapindula chifukwa chithunzi cholondola chikasokonekera pang'ono pa foni ya wogula chimakhalabe pafupi ndi choonadi, pamene cholakwika kale chimapita kutali. Potumiza pa WhatsApp sankhani HD, kapena tumizani ngati Document kwa kasitomala wa oda yaikulu, kuti ulusi wa nsalu uoneke. Zimenezi zimathandiza kuthwa kwa chithunzi, koma sizikonza sikirini ya munthu.

Ndivomerezenso kuti pali mitundu imene makamera a mafoni amavutika nayo ngakhale mutachita zonse bwino, makamaka pepo, amene kawirikawiri amatuluka ngati buluu, ndi mitundu yapakati pa buluu ndi wobiriwira. Pa imeneyi ine ndimalemba mawu pansi pa chithunzi, kunena kuti nsaluyi ndi ya pepo ndipo pamaso ndi yofiirira kuposa mmene ikuonekera.

Chikondi:
Ine pamenepo ndingakonze pepoyo payekha m'pulogalamu mpaka afanane, m'malo molemba mawu amene angathawitse wogula.

Bambo Mbewe:
Zimatheka ngati chitenje chili ndi pepo yekha, koma chikakhala ndi pepo ndi buluu pamodzi, mukasuntha mmodzi winayo amasunthanso, ndipo mumakonza duwa n'kuwononga tsamba. Sindikunena kuti njira yanu ndi yolakwika, koma ine sindinapeze yokhazikika pa mafoni.

NaBanda:
Ndili nacho chitenje chotero, cha pepo ndi buluu wodera, ndipo ndicho chikubwera pa mzere wojambula Loweruka. Ndidzachijambula pa WB yokhazikika, pepala lili pambali, ndipo ndidzaika pano chithunzi chosakonza ndi chokonzedwa m'njira ya a Chikondi kuti tonse tiyerekeze. Amayi NaJere, ndikupemphani kuti mudzandiuze mmene ziwirizo zikuonekera pa foni yanu kumeneko, ndipo mudzanene ngati chotetezera maso chinali choyatsa.

NaJere:
Ndidzatero, ndipo ndidzafunsanso amayi awiri a m'gulu lathu amene mafoni awo ndi osiyana ndi yanga. Tepi ya telala ija isadzasowe pa chithunzi chapafupi.